Makina a magetsi a mphepo a mawati 500 amene ankapereka mawati 7 pa golosale ina ku Dedza

Anandiimbira foni kumapeto kwa Meyi, mwera utayamba kale kuwomba. "Amisiri," anatero bambowo, "makina akuzungulira usana ndi usiku, aliyense wodutsa pamsewu akuwaona, koma ikangokwana 7 koloko madzulo inveta yayamba kulira. Kodi anandigulitsa zabodza?"

Ndi eni golosale pa kamsika kena kumtunda kwa Dedza, cha ku Bembeke, kumene mawaya a magetsi sanafike. Pa golosalepo amatchajitsa mafoni pafupifupi 30 patsiku, kuseri kuli mnyamata wometa, ndipo madzulo anthu amalipira kuti aonere mpira pa wailesi yakanema. Kuphatikizapo mababu asanu ndi limodzi, ndi zimene zimatayika mu inveta ndi m'mabatire, ndinawerengetsera kuti malowo amafuna yuniti imodzi patsiku. Yuniti yake ndi yomwe ija timagula ya mita ya m'nyumba, kutanthauza mawati 1,000 kwa ola limodzi.

Makina a magetsi a mphepowo anawagula mu Epulo. Ali ndi mapiko atatu, lililonse lotalika masentimita 80 kuchokera pakati, ndi mchira wowalozetsa kumphepo. Amadzaza mabatire awiri olumikizidwa kuti apereke mavoti 24. Pa katoni panalembedwa `500 W`, ndipo pansi pake, m'tizilembo tating'ono, `rated wind speed 12 m/s`. Bambowo anawerenga mzere woyamba wokha. Masamu awo anali osavuta: mawati 500 kwa maola 24 ndi mayuniti 12, ndiye ankaganiza kale zogula filiji. Wowotcherera zitsulo wa pamsikapo anawaikira makinawo pa paipi ya mamita 6 yomangiriridwa kukhoma la golosale. Magetsi atayamba kuvuta, wina anawauza kuti mabatire ndi ofooka, iwo n'kugula ena atsopano. Patatha milungu itatu atsopanowonso anali akugona ndi njala.

Kulakwa kwanga koyamba

Ndinafika masana. Nditatsika galimoto pamsewu ndinatulutsa kachipangizo ka m'manja koyezera mphepo, ndipo kanaonetsa mamita 6 pa sekondi. Nambala imeneyo inandikhala m'mutu tsiku lonse ndipo inandisocheretsa. Pa liwiro lotere makina a msinkhu uwu amayenera kupereka mawati opitirira 50, ndiye kuti maampu awiri. Koma mita yanga pa waya wolowa m'mabatire inkangosewera pakati pa ziro ndi theka la ampu.

Ndinayamba kusaka vuto m'makina. Mabatire atapuma ankaonetsa mavoti 23.6, kusonyeza kuti anali pafupi kutheratu, koma osati owonongeka. Mawaya atatu ochokera ku jenereta ankapereka mavoti ofanana awiriawiri. Nditawagunditsa onse atatu pamodzi mapiko analimba kupukusa ndi dzanja, ndipo analimba mosalala, popanda kudumphadumpha, chizindikiro chakuti makoyilo onse ndi amoyo. Madayodi a mu kontirola analinso bwino. Palibe chimene ndinapeza, komabe ndinawauza bambowo kuti mwina maginito a jenereta ndi ofooka, ndipo tiyenera kutsitsa makinawo kuti tikawayese. Ndinayeza mphepo pamsewu, makina ali kuseri kwa denga, ndipo sindinadzifunse ngati malo awiriwa akulandira mphepo imodzi.

Kutsitsako kunathandiza mwa njira ina. Makina ang'onoang'ono otere ndimawayesa pa galimoto: ndimawamangirira pa paipi yolimba yotulukira pamwamba pa pikapu, ndi batire ndi mita kumbuyo, n'kuyenda pa msewu wowongoka wopanda anthu m'bandakucha, mpweya uli zii. Liwiro la galimoto limakhala liwiro la mphepo. Makilomita 15 pa ola ndi pafupifupi mamita 4 pa sekondi, 30 ndi mamita 8 ndi kachidutswa, ndipo 43 ndi mamita 12. Bambowo anakhala kumbuyo atafunda bulangete, maso ali pa mita, n'kumandikuwira manambala.

Pa makilomita 15 pa ola mita inaonetsa theka la ampu ndi kachidutswa, mawati ngati 15. Pa 30 inakwera kufika maampu 5, mawati pafupifupi 135. Pa 43 inafika maampu 17, mawati pafupifupi 450, mapiko akulira ngati ndege. Nditaimitsa galimoto anatsika n'kubwera pazenera.

"Amisiri, pa 15 ndi pa 30 pamangosiyana kawiri. Nanga bwanji magetsi sanangowirikiza kawiri? Achoka pa 15 kufika 135?"

Makinawo analibe vuto, ndipo katoni sinaname. Funso lawoli ndi limene linali nkhani yonse.

Chifukwa chake kawiri amabala kasanu ndi katatu

Ndinawajambulira pa dothi, ndipo ndilemba pano mmene ndinafotokozera, chifukwa amisiri ambiri timaloweza lamuloli koma tikafunsidwa chifukwa chake timayamba kukanda kumutu.

Mapiko akamazungulira amasesa bwalo. Kwa makina awa bwalolo ndi lotambalala mamita 1.6, ndipo kukula kwake ndi masikweya mita awiri. Mphepo ikamayenda mamita 4 pa sekondi, mpweya umene umadutsa m'bwalomo pa sekondi iliyonse uli ngati mgolo wautali mamita 4 wokhala ndi kamwa lofanana ndi bwalolo, ndiye kuti makyubiki mita 8. Mpweya umalemera ngakhale sitiumva pamutu. Kumtunda kuno kyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi kilogalamu 1.05, choncho pa sekondi iliyonse pamadutsa makilogalamu 8.4. Mphepo ikafika mamita 8 pa sekondi, mgolo uja umatalika kawiri ndipo pamadutsa makilogalamu 16.8. Uku ndi kuwirikiza koyamba: mphepo yothamanga imabweretsa mpweya wambiri.

Kuwirikiza kwachiwiri ndi kwachitatu kuli mu mphamvu imene kilogalamu iliyonse yanyamula. Chinthu choyenda chikawirikiza liwiro kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Aliyense amene anatsikapo mtsetse pa njinga atanyamula thumba la kachewere amazidziwa: ukathamanga kawiri, mtunda woti mabuleki akuimitse sukhala kawiri, umakhala kanayi. Pa mamita 4 pa sekondi kilogalamu imodzi ya mpweya imanyamula majulo 8, omwe ndi theka la 4 kuchulukitsa ndi 4. Pa mamita 8 imanyamula majulo 32. Julo imodzi pa sekondi ndiyo wati imodzi. Ndiye makilogalamu 8.4 a majulo 8 amapereka mawati 67, pamene makilogalamu 16.8 a majulo 32 amapereka mawati 538. Mpweya kawiri, mphamvu ya kilogalamu iliyonse kanayi, zonse pamodzi kasanu ndi katatu. Liwiro lalowa m'masamu katatu, kamodzi kudzera pa kuchuluka kwa mpweya, kawiri kudzera pa mphamvu yake. M'mabuku zimalembedwa motere:

```
P = 0.5 × ρ × A × v³ × Cp
A = π × r²
```

Apa `ρ` ndi kulemera kwa mpweya, `A` ndi kukula kwa bwalo, `v` ndi liwiro la mphepo, `r` ndi kutalika kwa phiko, ndipo `Cp` ndi gawo la mphamvuyo limene makina amatha kukolola. Gawolo silingafike lonse. Makina atalanda mphamvu yonse, mpweya ungaime kuseri kwa mapiko n'kutsekereza wina wobwera m'mbuyo. Katswiri wa ku Jeremani, Albert Betz, anaonetsa cha m'ma 1920 kuti malire ake ndi magawo 16 mwa 27, pafupifupi 59 peresenti. Makina ang'onoang'ono ngati awa, ukachotsa zotayika m'mapiko, mu jenereta ndi m'madayodi, amafikitsa ku batire pafupifupi kota. Kota ya 67 ndi 17, kota ya 538 ndi 134. Ndi pafupifupi manambala omwe aja bambowo ankakuwa ali kumbuyo kwa pikapu.

Lamuloli likamatsika limaluma kwambiri. Mamita 4 ndi gawo limodzi mwa atatu a mamita 12 olembedwa pa katoni, koma magetsi ake ndi gawo limodzi mwa 27. Palinso msonkho wa phiri. Manambala a pa katoni amawerengedwa ndi mpweya wa m'mbali mwa nyanja yamchere, wolemera kilogalamu 1.225. Boma la Dedza lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka ndi 14 peresenti kapena kuposerapo kukatentha. N'chifukwa chake pa galimoto tinapeza 450 osati 500. Amene mumagwira ntchito ku Chikwawa kapena ku Nsanje msonkhowu ndi wochepa, koma kuno ndi kumapiri a Ntcheu uziuchotseratu musanalonjeze munthu kanthu.

Mphepo imene makina ankaiona

Tsopano funso linasintha: pamwamba pa paipi ija pamafika mphepo yanji? Nditaima pamenepo n'kuyang'ana kumene mwera umachokera, kum'mwera chakum'mawa, ndinachita manyazi. Pa mtunda wa mamita 30 panali mzere wa mitengo ya bulugamu yotalika mamita 12, kuwirikiza kawiri paipi. Denga la golosale linali pansi pa mapiko penipeni. Ndinang'amba kansalu ka chitenje kotalika mita imodzi n'kukamanga kunsonga ya nsungwi. Pamsewu kansaluko kankawongoka n'kuloza mbali imodzi. Pafupi ndi makina kankapindika, kugwa, kudzuka, kuloza kumpoto kenako kumadzulo. Mchira wa makinawo unkachitanso chimodzimodzi bambowo asanawatsitse, ndipo iwo ankati ndi umboni wakuti mphepo ndi yambiri. Makina amene akungotembenukatembenuka akusaka mphepo, sakukolola.

Kuzungulira kwa mapiko nakonso kumanamiza. Jenereta siyamba kukankhira magetsi m'batire mpaka mavoti ake atapitirira a batireyo. Isanafike pamenepo mapiko amazungulira opanda katundu, mopepuka, ndipo odutsa pamsewu amaona makina akugwira ntchito pamene mita ili pa ziro. Awa ankayamba kudzaza pa mamita 3 pa sekondi.

Ndinaika zoyezera mphepo ziwiri za tizikho titatu, zosunga manambala pa mphindi khumi zilizonse. Chimodzi ndinachita kubwereka kwa mnzanga, chifukwa kuyeza malo awiri pa milungu yosiyana sikukuuza ngati kusiyana kwabwera ndi malo kapena ndi nyengo. Choyamba chinakhala pa paipi yakale. Chachiwiri tinachikweza mamita 12 pa kamtunda ka m'munda, mamita 90 kuchokera pa golosale, kutsogolo kwa mitengo ija kumene mwera umafika usanagunde kanthu. Patatha milungu itatu ya mu Juni, avereji ya pa golosale inali mamita 3.0 pa sekondi, ya kumunda 4.5.

Bambowo ataona manambalawo anagwa ulesi. "Ndisamutse makina, ndigule mapaipi ndi waya, chifukwa cha mita imodzi ndi theka?" Ndinawapatsa foni yawo yomwe kuti awerengetse okha. 3 kuchulukitsa ndi 3 kuchulukitsanso ndi 3 ndi 27. 4.5 mwa njira yomweyo ndi 91. Kumunda kunali mphamvu yoposa ya pa golosale katatu ndi kachidutswa, 3.4. Pa mamita 3 makinawo amapereka mawati 7, babu limodzi ndi theka.

Pali msampha wina apa umene ndaona amisiri anzanga akugweramo, ndipo umachokera ku lamulo lomweli. Ukatenga avereji ya liwiro n'kuiika m'masamu aja, yankho limachepa kuposa zoona. Tiyerekeze tsiku limene mphepo yawomba mamita 4 osasintha: nambala yake ndi 64. Tsiku lina yawomba mamita 2 theka la tsiku, mamita 6 theka linalo. Avereji ndi 4 yomweyo, koma 2 amapereka 8, 6 amapereka 216, ndipo pakati pa ziwirizi ndi 112. Maola ochepa a mphepo yamphamvu ndi amene amadzaza batire, ena onsewo ndi operekeza. Pa malo amene mphepo imasinthasintha mwa nthawi zonse, timachulukitsa yankho la avereji ndi 1.9. Ndiye pa golosale mawati 7 amakhala 13, ndipo pa maola 24 ndi gawo limodzi mwa atatu a yuniti. Zoona zake zinali zochepa kuposa apo, pafupifupi 0.2, chifukwa maola ambiri mphepo inali pansi pa mamita 3 ndipo yotsalayo inali yovundukavunduka. Kumunda mawati 24 amakhala 45, ndipo patsiku ndi yuniti imodzi ndi kachidutswa. Ndinawauza kuti ayembekezere pakati pa 0.8 ndi yuniti imodzi.

Mapiko aatali

Mundawo si wa bambowo. Iwo ndi mkamwini pamudzipo, ndipo malo ndi a kuchikazi. Kuti tikumbe maenje a simenti pakati pa mizere pankafunika mawu a atsibweni a mayi a kunyumba, amene anali atapita kumaliro kutali. Tikudikira, bambowo ndi wowotcherera uja anabwera ndi nzeru ziwiri.

Yoyamba inali yowonjezera mapiko kuti akhale asanu ndi limodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imagwidwa ndi thupi la phiko ngati mmene tanga ya ngalawa imagwirira, ndiye mapiko ambiri ndi magetsi ambiri. Koma `A` ya m'masamu aja ndi bwalo lonse losesedwa, osati kukula kwa mapikowo. Mapiko atatu opyapyala othamanga amakhala atayendera kale mpweya wonse wodutsa m'bwalomo, chifukwa nsonga zake zimathamanga kuwirikiza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi liwiro la mphepo. Ukawonjezera ena bwalo silikula. Makina amayamba kuzungulira msanga pa kamphepo kochepa, koma amayenda pang'onopang'ono. Mapiko ambiri ndi abwino pa makina opopa madzi, amene amafuna mphamvu yokoka osati liwiro.

Nzeru yachiwiri inali yabwinoko, ndipo ndinawayamikira chifukwa anaitulutsa m'masamu omwe ndinawaphunzitsa: kutalikitsa mapiko kuchoka pa masentimita 80 kufika 120. N'zoona kuti bwalo limakula mofulumira kuposa phiko, chifukwa kutalika kwa phiko kumalowa kawiri. Kutalikitsa ndi theka kumakulitsa bwalo kuchoka pa masikweya mita awiri kufika 4.5, kuwirikiza 2.25, ndipo mphamvu imatsatira bwalo ndendende. N'chifukwa chake munthu wogula makina ayenera kufunsa kutambalala kwa bwalo asanafunse mawati. Makina awiri akhoza kulembedwa `500 W` onse, koma pa mphepo ya masiku onse amene ali ndi bwalo lalikulu ndi amene adzadzaze batire.

Ndinakanabe, pa zifukwa zitatu zimene zonse zimachokera pa chinthu chimodzi: mapiko ndi jenereta anapangidwa kuti azigwirizana. Nsonga ya phiko lalitali ili ndi ulendo wautali kuti izungulire kamodzi, choncho pa mphepo yomweyo shafuti imazungulira pang'onopang'ono. Pa mamita 4 pa sekondi mapiko akale amazungulira pafupifupi ka 290 pa mphindi, aataliwo ka 190. Jenereta iyi imafuna kupitirira ka 200 kuti ifike pa mavoti a batire, ndiye pa mphepo yochepa ya pa golosale, imene ankafuna kuikolola, mapiko aatali akanachedwetsa kuyamba kudzaza. Mphepo ikakula vuto limatembenuka: bwalo lalikulu limafika pa malire a jenereta pa mamita 9 pa sekondi, ndipo pa 12 limaikankhira mawati opitirira 1,000, makoyilo n'kupsa. Chachitatu, mchira ndi paipi zinayesedwa pa kukankha kwa bwalo laling'ono. Ndipo ngakhale zonsezi zikanakonzeka, 2.25 safika pa 3.4. Kuti mapiko okha apereke zimene kusamuka kukanapereka, bwalo likanayenera kutambalala pafupifupi mamita atatu, ndipo likanakhalabe m'mphepo yovunduka ya kuseri kwa bulugamu.

Anamva, koma nditachoka anayesabe, makinawo atabwerera pa paipi yakale ya pa golosale. Wowotcherera anadula paipi ya pulasitiki ya madzi n'kukhomera zidutswa kunsonga za mapiko. Mayi a kunyumba, amene ndinawasiyira kope loti azilembamo nambala ya pa mita yowerengera magetsi m'mawa uliwonse, ndi amene anandiuza. Masiku anayi amenewo manambala anatsika m'malo mokwera, khoma la golosale linkanjenjemera mpaka mabotolo kugundana pa shelefu, ndipo usiku wachinayi chidutswa chimodzi chinathothoka n'kukagwera pa denga la oyandikana nawo. Mwamwayi sichinavulaze munthu. Mabowo a misomali anasiya mng'alu pa phiko limodzi, ndipo tinagula mapiko atatu atsopano, chifukwa limodzi lokha silingafanane kulemera ndi akale.

Titasamutsa

Atsibweni atabwera anavomera, bola mawaya omangira asatseke kanjira ka kudambo. Kumayambiriro kwa Julayi tinaimika mlongoti wa mapaipi wa mamita 12, wokhala ndi chopindikira pansi kuti uzitha kugonekedwa pokonza, ndi mawaya omangira mbali zinayi. Waya wa magetsi wa mamita 90 unandiganizitsa. Ndinasankha wa masikweya milimita 6 m'malo mwa wonenepa wodula, chifukwa zotayika mu waya zimakula ndi maampu kuchulukitsa ndi maampu. Pa maampu awiri timataya mawati ngati awiri okha. Pa maampu 10 timataya pafupifupi 50, koma nthawi imeneyo mphepo imakhala ikupereka zoposa zimene mabatire angameze. Pa malo a mphepo yamphamvu nthawi zonse sindikanasankha motero.

Kope la mayi linaonetsa avereji ya yuniti 0.9 patsiku mu Julayi ndi Ogasiti. Chimene chinawadabwitsa ndi kusiyana kwa masiku: tsiku labwino kwambiri linapereka 2.3, loipa kwambiri 0.1, pamene kwa munthu woima pakhonde masiku onsewo kunali mphepo. Anaphunzira kuyang'ana kope asanalengeze kuti mawa kuli mpira.

Usiku wina kumapeto kwa Julayi anandidzutsa ndi foni kuti m'chipinda cha mabatire mukununkha kupsa. Mwera unali utakwiya. Mabatire atadzaza, kontirola imatumiza magetsi otsala ku chitsulo chotenthetsa chimene ntchito yake ndi kuwataya, chifukwa makina a mphepo sungangowadula ngati sola: ukawachotsera katundu, mapiko amathamanga mpaka kusweka. Pa golosale chitsulocho chinali chisanatenthepo n'kamodzi komwe, ndiye winawake anali ataunjikapo makatoni a sopo. Ndinawauza kuti achotse makatoniwo, asadule waya uliwonse, ndipo adikire mphepo ipume pang'ono kenako atseke swichi ya buleki imene imagunditsa mawaya atatu aja. Lamulo lomwe linkawamana magetsi pa mamita 3 ndi limene linkawotcha makatoni usiku umenewo. Mphepo ya mamita 16 pa sekondi ili ndi mphamvu yoposa ya mamita 12 kuwirikiza 2.4, ndipo yoposa ya mamita 4 kuwirikiza 64. Palibe jenereta imene ingakolole bwino pansipo n'kupirira zonse za pamwambapo, n'chifukwa chake mchira umapangidwa kuti upindike n'kupatutsa mapiko kumphepo ikapitirira malire. M'mawa mwake ndinapeza mchira uli bwino, waya womangira mmodzi atakhwefuka, ndipo ndinasamutsira chitsulo chija pakhoma la njerwa, pamwamba, ndi sefa wachitsulo kutsogolo.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunaonekera mvula itagwa. Milungu itatu imene ndinayeza inali ya pakati pa mwera, ndipo ngakhale ndinawachenjeza kuti dzinja mphepo imachepa, sindinaike nambala pa chenjezolo. Mu Janyuwale ndi Febuluwale kope linatsika kufika pa yuniti 0.3 patsiku. Bambowo anaganiza kuti mabering'i atha. Ndinabweza masamu chammbuyo: kuti magetsi atsike kufika gawo limodzi mwa atatu, mphepo imangofunika kutsika kuchoka pa 4.5 kufika cha m'ma 3.1 kapena 3.2. Khungu la munthu silingasiyanitse bwino mphepo ziwirizi. Tinagoneka mlongoti kuti titsimikize, ndipo mabering'i anali osalala. Ndikanawaonetsa masamu amenewa mu Juni, akanasunga ndalama za zokolola n'kugula sola mvula isanayambe, m'malo mobwerera ku makandulo kwa milungu isanu ndi umodzi, mabatire akutsikanso pansi pa mavoti 24.

Kunena zoona, akanandifunsa asanagule kalikonse ndikanawalozera sola poyamba. Koma makinawo anali atagulidwa kale, ndipo kumtunda kuno ali ndi ntchito yake: mu Juni ndi Julayi, chifunga ndi mitambo zikaphimba phiri masiku angapo, sola imafooka pamene mphepo ili pachimake, ndipo mphepoyo imadzaza ngakhale usiku.

Mu Malichi tinaika sola ya mawati 200 pa denga la golosale, ndi kontirola yakeyake, pa mabatire omwewo. Imawonjezera pafupifupi yuniti 0.7 patsiku. Kope likupitirira, tsopano lili ndi mizere iwiri, wa mphepo ndi wa dzuwa, ndipo lalembedwa ndi mwana wawo wa Fomu 2 chiyambire Epulo. Za filiji bambowo anandifunsanso mwezi wathawu. Ndinawauza kuti tidikire kope likwane chaka chathunthu, ndiye tiwerengere pa mwezi umene mizere iwiriyo pamodzi inatsika kwambiri. Choyezera mphepo chimodzi ndachisiya pa mlongoti, mamita awiri pansi pa mapiko.